Notisi ya bodi yapita, mapepala apita, koma tsiku la apoloje lafika anthu ali zii

Ndakhala mlembi wa bodi ya kabungwe kena kakang'ono kuno ku Lilongwe kwa zaka zingapo ndithu, ndipo chomwe chimandisowetsa tulo si kulemba maminitsi ayi, maminitsi umangokhala pansi n'kulemba. Vuto ndi masabata awiri aja a pakati pa kutumiza notisi ndi tsiku la msonkhano. Tsiku lina tinabuka kachipinda pa loji ina ku Area 47, tiyi wa anthu 12 talipira kale, mandasi ndi masamusa ali pa tebulo atawaphimba ndi kansalu, mabotolo a madzi ndaika pa mpando uliwonse. Bodi yathu ili ndi mamembala 9 ndipo koramu, chiwerengero chochepetsetsa cha mamembala chofunika kuti msonkhano upange chiganizo, ndi anthu 5. Itakwana 9 koloko analipo atatu, hafu pasiti 10 anafika wachinayi akupepesa za mzere wa mafuta, kenako basi, zii. A tcheya ankangoyang'ana wotchi n'kundiyang'ana ine, kenako anati, "Mlembi, kodi anthuwa munawauza?" Ine m'manja ndili ndi apoloje imodzi yokha. Enawo anayi sanapepese, sanabwere, awiri mafoni sakuyankha. Tinamwa tiyi uja n'kubalalika, bajeti osadutsa.

Poyamba ndinkati anthuwa ndi osasamala basi. Koma zitachitika kachiwiri ndinakhala pansi n'kuwerenganso notisi yanga ija ngati kuti ndine membala, ndipo ndinaona kuti cholakwika chachikulu chinali mu chiganizo chimodzi chomwe ndinachikopera kwa mlembi yemwe analipo ine ndisanabwere. Kumapeto kwenikweni, pansi pa ajenda, panalembedwa kuti amene sakwanitsa kubwera atumize apoloje pofika tsiku lakuti. Chiganizo chimenechi chimaoneka bwinobwino koma taganizani. Chikufunsa okhawo amene sabwera kuti ayankhe. Ndiye munthu akakhala chete, iwe mlembi umawerenga kuti abwera. Koma munthu amene uthenga sunamufike nayenso amakhala chete. Amene anauona ali pa minibasi n'kuiwala amakhala chete. Amene akudziwa kuti sabwera koma akuchita manyazi kunena, chifukwa ulendo wathanso sanabwere, amakhala chete. Onsewa pa pepala lako akuoneka ngati obwera. Ndiye chinthu choyamba chomwe ndinasintha n'chakuti aliyense ayankhe, wobwera ndi wosabwera yemwe, ndipo amene sanayankhe ndimamuika mu gulu lakelake la osadziwika, sindimuwerengera ku koramu mpaka nditamva mawu ake.

Palinso kusamvetsa kwina komwe ndakumana nako kangapo, ngakhale kwa anthu akuluakulu ophunzira. Ena amaganiza kuti akapereka apoloje ndiye kuti awerengedwa ngati analipo. Ayi. Apoloje imangolembedwa mu maminitsi kuti munthuyu sanabwere koma anadziwitsa, kusiyana ndi amene wangojomba. Koramu imawerenga anthu omwe ali mu msonkhanomo. Mutakhala ndi maapoloje asanu olembedwa mwaulemu kwambiri, anthu anayi ali m'chipindamo sangapange chiganizo chomanga bungwe. Ndiye tsiku la apoloje lija cholinga chake si ulemu chabe, ndi tsiku lomwe mlembi amawerenga mitu n'kuwauza a tcheya ngati msonkhano ulipo kapena tiusunthe ndalama za loji zisanapite.

Kuwerenga masiku, apa mpomwe ambiri timagwa

Musanalembe chilichonse tsegulani malamulo a bungwe lanu, konsititushoni ija yomwe imangokhala mu kabati. Masiku a notisi, chiwerengero cha koramu, ngati munthu wolowa pa foni kapena pa Zoom amawerengedwa, zonsezi zili m'menemo ndipo zimasiyana bungwe ndi bungwe. Musatengere za anzanu. Kwathu malamulo amati notisi ipite masiku 14 athunthu msonkhano usanachitike, mapepala masiku 7 athunthu. Mawu oti athunthu amenewa ndi omwe anandipweteka ulendo wina. Masiku athunthu amatanthauza kuti tsiku lomwe mwatumiza simuliwerenga, ndipo tsiku la msonkhano simuliwerenganso. Mumawerenga a pakati okha.

Titenge msonkhano womwe tinauika Lachisanu pa 24 Okutobala. Munthu wothamanga amangochotsa 14 pa 24 n'kupeza 10, ndiye amatumiza pa 10. Koma werengani ndi zala. Mukatumiza pa 10, masiku a pakati ndi kuyambira pa 11 mpaka pa 23, amenewo ndi 13 okha. Mwaperewera ndi tsiku limodzi. Kuti akwane 14 notisi iyenera kutuluka Lachinayi pa 9, kapena m'mbuyo mwake. Zimaoneka zazing'ono, ndipo masiku omwe aliyense akugwirizana palibe amene amaziona, koma tsiku lomwe bodi ikukambirana nkhani yowawa, monga kuchotsa munthu pa udindo, yemwe waluza mkangano amapita kukawerenga masikuwo n'kunena kuti msonkhano sunaitanidwe motsata malamulo. Ine pano ndimatumiza masiku awiri kapena atatu malire asanafike, zowerenga ndi zala zija ndinasiya.

Mapepala nawo chimodzimodzi, masiku 7 athunthu ndiye kuti atuluke Lachinayi pa 16. Tsono pa 15 Okutobala ndi holide ya tsiku la anakubala, ofesi yotseka, aliyense ali kwa mayi ake ndi chitenje, ena mpaka ku Dedza kapena ku Ntcheu. Ndiye ngati ndikufuna kumanga mapepala pa 16 m'mawa, a zachuma ndi a dailekitala ayenera kundipatsa malipoti awo pofika Lolemba pa 13, Lachiwiri pa 14 a tcheya aone n'kuvomereza. Maholide athuwa muziwayang'ana musanaike masiku, 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julayi, onsewa amagwa pafupi ndi nthawi zomwe mabodi ambiri amakumana.

Nanga tsiku la apoloje muliike pati? Apa ndinalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ulendo wina ndinaliika sabata yathunthu msonkhano usanafike, anthu onse anati tibwera, chifukwa sabata ya mawa kwa Mmalawi ndi kutali, aliyense amavomera. Ulendo wina ndinaliika dzulo lake la msonkhano, mayankho anabwera oona koma ndinalibe nawo chochita, loji ndinali nditalipira kale. Chomwe chimandithandiza pano ndi kuyambira ku loji. Ndimafunsa kuti chiwerengero chomaliza cha anthu akuchifuna liti, ndipo tingasinthe tsiku mpaka liti osataya dipoziti. Kwathu anati Lachiwiri pa 21. Ndiye tsiku la mayankho ndinaika Lolemba pa 20, nthawi ya 12 koloko masana, kuti masana onsewo ndi Lachiwiri m'mawa ndikhale ndikuimbira omwe ali chete. Komanso tsikuli limakhala kuti mapepala afika kale ndipo anthu akhala nawo wikendi yonse. Ndipo lembani ola lenileni. Mukangoti pofika Lolemba, wina amakutumizirani 11 koloko usiku muli mtulo, wina Lachiwiri m'mawa n'kumati ndi chimodzimodzi.

Notisi yanga pano imayamba chonchi, ndipo izi zimakhala pamwamba penipeni, mu uthenga weniweniwo osati mkati mwa fayilo:

"Mamembala olemekezeka, m'malo mwa a Wapampando ndikukuitanirani ku msonkhano wa bodi Lachisanu pa 24 Okutobala, kuyamba 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana, ku Area 47. Chonde aliyense ayankhe kwa ine mlembi pofika Lolemba pa 20 Okutobala, 12 koloko masana, ndi mawu amodzi mwa awa: NDIBWERA kapena SINDIBWERA. Koramu yathu ndi anthu 5, ndipo pa msonkhanowu pali bajeti yofunika kuvomerezedwa. Mapepala onse afika Lachinayi pa 16. Ndalama ya mayendedwe iperekedwa pa tsikulo monga mwa nthawi zonse, ochokera kunja kwa Lilongwe amene akufuna kutumiziridwa pasadakhale andiuze poyankha."

Ajenda ndi zina zimabwera pansi. Munthu amene wangoona mizere itatu yoyamba pa foni, ali pa mzere ku banki, wadziwa kale tsiku, malo, ndi chomwe ndikufuna kwa iye.

Munthu akakhala chete, chavuta n'chiyani

Ngakhale mutalemba bwino chotere, ena sayankhabe. Kale ndinkangotumizanso uthenga womwewo kwa onse ndi mawu oti chikumbutso, koma zimenezo zimakwiyitsa omwe ayankha kale ndipo osayankha aja sizimawakhudza, chifukwa chifukwa chawo chokhalira chete sichinasinthe. Muyenera kudziwa kuti chete wa munthu uyu ndi wa mtundu wanji, ndipo zizindikiro zake zilipo.

Yambani ndi kufunsa ngati uthenga unafika n'komwe. Pa WhatsApp n'zosavuta, chongi chimodzi chotuwa ndiye kuti wachoka kwa inu koma sunafike pa foni yake, mwina foni yazima, mwina alibe bandulo, mwina anasintha nambala. Ziwiri zotuwa wafika, ziwiri zabuluu watsegula, ngakhale ena anazimitsa zabuluuzo ndiye musadalire kwambiri. Mu gulupu, mukadina uthenga wanu n'kugwira kenako n'kusankha Info, mumaona amene awerenga ndi amene wangowafikira. Chongi chimodzi chikakhala masiku awiri, musadikirenso, imbani foni yeniyeni. Pa imelo n'povutirapo chifukwa kusabwerera kwa uthenga si umboni woti munthu wauona. Membala wathu wina anapuma ntchito koma ine ndinkatumizabe ku adiresi ya ku ntchito kwake kwakale, miyezi isanu ndi umodzi, bokosi lija linali lisanatsekedwe ndiye palibe chinkabwerera. Wina uthenga unkagwera mu Spam chifukwa ndinkatumiza kwa anthu ambiri pakamodzi ndi mafayilo olemera. Pano kumayambiriro kwa chaka chilichonse ndimadutsitsa pepala pa msonkhano, aliyense alembe yekha nambala ndi imelo yomwe amaitsegula zoonadi, ndi njira yomwe akufuna kuti ndizimupezera. Komanso onani malamulo anu kuti notisi yovomerezeka ndi yotumizidwa bwanji. Ngati amati kalata kapena imelo, WhatsApp ikhale yongothandizira, osati yolowa m'malo.

Mtundu wachiwiri ndi wa munthu amene waona koma sakuyankha, zabuluu zili apo. Awa nthawi zambiri pamakhala funso lomwe sakufuna kulifunsa pa gulupu. Kawirikawiri ndi la mayendedwe. Amayi ena a m'bodi mwathu amachokera ku Mchinji, ndipo masiku omwe mafuta akusowa mtengo wa minibasi umakwera m'mawa womwewo, ndiye munthu wamkulu sangalembe pa gulu pali abusa ndi maloya kuti ine ndilibe ya thiransipoti. Amangokhala chete n'kumaona ngati ipezeka. N'chifukwa chake chiganizo cha mayendedwe chija ndinachiika mu notisi momwemo, ndipo ndimati ayankhe kwa ine, osati pa gulupu. Akandiuza, a zachuma amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba Lachitatu, nkhani yatha.

Pa gulupu palinso vuto lina lomwe ndinaliona mochedwa. Apoloje imapatsirana ngati chimfine. Munthu mmodzi wolemekezeka akalemba kuti pepani sindikwanitsa, pasanathe ola wina amalemba, kenako wina, chifukwa aliyense akuganiza kuti msonkhanowu ulephereka basi ndiye ndivutikirenji. Pa imelo chimodzimodzi ndi anthu okonda kudina Reply all. Ndiye ma adiresi a mamembala ndimawaika mu Bcc kuti yankho lizibwera kwa ine ndekha, ndipo pa WhatsApp ndimatumizira aliyense payekha, anthu 9 si ambiri.

Mtundu wachitatu ndi womwe umafuna nzeru za kwathu kuno. Pali akuluakulu ena amene sangayankhe uthenga wa mlembi, osati mwa mwano, koma m'mutu mwawo uthenga wolembedwa ndi chidziwitso chabe, kuitana kwenikweni ndi kwa pakamwa. M'bodi mwathu muli abusa ena achikulire, ndi a mfumu. Amenewa ndimawaimbira, ndipo suyamba ndi nkhani ya msonkhano, umayamba ndi moni, "Mwaswera bwanji abusa, kunyumba ali bwanji amayi?" kenako, "A Wapampando anandituma ndimve ngati tikhale nanu Lachisanu likubwerali." Mawu oti anandituma amenewo ndi ofunika, ine ndine mwana kwa iwowo, sindingawafunse ngati ndikuwalondalonda. Ndipo mvetserani bwino yankho. "Ndibwera mwanawe, 9 koloko eti?" ameneyo ndi inde. "Tiyesetsa" kapena "tiona m'mene zikhalire" si inde, ine ndimalemba kuti wosadziwika. "Mulungu akalola" zimatengera munthu wake, abusa athu amanena choncho ngakhale ali kale pa geti. Akati tiyesetsa ndimafunsa mofatsa kuti, "Ndiwauze a Wapampando kuti akuwerengereni, kapena ndilembe apoloje kuti musapanikizike?" Mukawapatsa khomo lotulukira mwaulemu chotere ambiri amanena zoona.

Mapepala afika koma palibe wawerenga

Ili ndi vuto linzake ndipo limadziwika msanga. Msonkhano ukayamba, a tcheya akuti tione maminitsi a msonkhano wapita, ndiye m'chipinda monse mwangoti waa anthu kutsegula mapepala koyamba, wina akufunsa ngati pali kope yapadera, ola lathunthu limatha tikuwerenga mokweza zinthu zomwe zinatumizidwa sabata yatha. Apanso ndisanawanene anthu ndinayang'ana zomwe ndinkatumiza. Mafayilo 11 osiyana, ena a Word ena a Excel, mayina ake ngati final2 ndi finalfinal, lipoti lina lodzaza zithunzi za ku fildi zolemera. Gmail salola zomata zopitirira 25 MB, ikapitirira imasandutsa linki ya Google Drive, ndiye membala akadina imamuuza kuti apemphe chilolezo, iye amangotseka n'kupitiriza za tsiku lake osandiuza. Ndipo Excel pa foni yaing'ono, anthuni, mizere imathawira kumbali, munthu wa zaka 70 sangaisake.

Pano ndimamanga fayilo imodzi yokha ya PDF. Tsamba loyamba ndi ajenda, ndipo pa mutu uliwonse ndimalemba tsamba lomwe pepala lake likuyambira, ndi mawu amodzi osonyeza chomwe bodi ikuyenera kuchita, kuvomereza, kukambirana, kapena kungodziwa. Masamba onse ali ndi manambala kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kuti a tcheya akati tsamba 14 aliyense apite pamodzimodzi. Zithunzi ndimachotsa kapena kuzichepetsa mpaka fayilo yonse itsike pansi pa 5 MB, kuti ngakhale wa kabandulo kochepa atsitse. Dzina la fayilo limanena lokha chomwe ili:

```
Bodi_24-10_mapepala.pdf
```

Ndisanatumize kwa onse ndimadzitumizira ndekha n'kutsegula pa foni yanga, osati pa laputopu, ndione ngati manambala a bajeti akuwerengeka. Ndipo mu uthenga woperekeza mapepala ndimanena mosabisa kuti amene nthawi yamuchepera awerenge masamba akutiakuti, a bajeti ndi a nkhani ya lendi ya ofesi, chifukwa amenewo ndi ofunika chiganizo. Ena amati kutero n'kulimbikitsa ulesi. Ine ndimati bola awerenge masamba 6 ofunikawo kusiyana n'kuopa masamba 40 osatsegula n'limodzi lomwe.

Anthu atatu m'bodi mwathu amafuna mapepala enieni ogwirika. Amenewo ndimapulinta Lachinayi lomwelo, kuika mu envulopu yomata, wa kabaza wodziwika amakasiya ku Kawale ndi ku Area 25, ya ku Mchinji imapita ndi munthu wathu wa ku ofesi akamapita ku fildi. Wolandira asaine mu kabuku, chifukwa envulopu yosiyidwa kwa mlonda pa geti imatha kugona m'kanyumba ka mlondayo mpaka msonkhano kudutsa, zinachitikapo. Ndipo pulintani m'mawa magetsi alipo, musadikire 4 koloko. Mapepala okhudza malipiro a antchito kapena mlandu wa munthu sindiwaika pa WhatsApp ngakhale pang'ono, mafoni athuwa amagwiridwa ndi ana ndi adzukulu, ndipo kutumiza kwa munthu wolakwika ndi kungodina kamodzi. Amenewo amagawidwa m'chipinda n'kutoleredwanso.

Chomwe chimachedwetsa mapepala pafupifupi nthawi zonse ndi lipoti limodzi, ndipo kwathu limakhala la zachuma, akuti tikudikira sitetimenti ya ku banki. Kale ndinkagwira mapepala onse kudikira limodzilo, mapeto ake zonse zimapita Lachitatu usiku. Osatero. Tumizani zomwe zilipo pa tsiku lake, pa malo a lipoti losowalo ikani tsamba lonena kuti pepala ili lifika Lolemba. Likafika litumizeni palokha ndi dzina looneka, musatumizenso fayilo yonse yosinthidwa chifukwa manambala a masamba asuntha ndipo m'chipinda mudzakhala anthu a mabuku awiri osiyana. Likalephera kufika ndithu, ndi a tcheya amene agamule ngati nkhaniyo ikambidwe kapena idikire, si mlembi. A tcheya athu anabweza lipoti logawidwa pa tebulo kamodzi kokha, pamaso pa onse, ndipo kuyambira pamenepo a zachuma amandipatsa lawo tsiku lisanafike.

Lolemba lija, 12 koloko itakwana

Ndibwerere ku msonkhano wa pa 24 uja muone m'mene zinayendera. Ndili ndi pepala la mayina 9 ndi mizere itatu. Itakwana 12 koloko obwera anali 4, apoloje 2, osadziwika 3. Mwa kawerengedwe kanga kakale ndikanati obwera ndi 7, zinthu zili bwino, n'kukalipira loji. Mwa kawerengedwe katsopano ndinali ndi anthu 4 pa koramu ya 5, kutanthauza kuti msonkhano panalibe. A dailekitala ndi ine timakhalamo m'chipindamo koma kwathu sitivota ndipo sitiwerengedwa, ichinso muchione m'malamulo anu chifukwa ambiri amadzinamiza powerenga mitu yonse yomwe ili pa tebulo.

Ndinayamba kuimba. Abusa anati akubwera, anadabwa kuti ndikufunsiranji. Amayi a ku Mchinji inali nkhani ya mayendedwe ija, tinakonza, akubwera. Wachitatu chongi chinali chimodzi kuyambira Loweruka, foni yosapezeka, ndinaimbira munthu wina wa ku tchalitchi kwawo n'kumva kuti ali ku maliro a achimwene awo ku Kasungu. Nditawapeza Lachiwiri m'mawa ndinayamba ndi kupepesa malirowo, za msonkhano anazitchula okha, n'kupereka apoloje. Ndiye obwera 6, apoloje 3.

Anthu 6 pa koramu ya 5 zikumveka zokwanira koma ndinawauza a tcheya kuti tili pa ulusi, pa zifukwa ziwiri. Choyamba maliro ndi matenda sizipereka notisi, munthu mmodzi akangodzuka ndi uthenga Lachisanu m'mawa tatsala 5 enieni. Chachiwiri, pa ajenda panali nkhani ya lendi ya ofesi, ndipo mwini nyumbayo ndi mlamu wake wa mmodzi mwa anthu 6 aja. Malamulo athu amati membala amene nkhani ikumukhudza atuluke ndipo sawerengedwa pa koramu ya nkhani imeneyo. Ndiye pa nkhani ya lendi tinali 5 ndendende ngakhale onse atabwera. Ichi sungachione ukangowerenga mayina, uyenera kuika mndandanda wa obwera pambali pa ajenda n'kuyenda mutu ndi mutu.

A tcheya anaimbira mmodzi mwa opepesa aja, loya amene anali ndi mlandu ku khothi m'mawa, n'kumupempha ngati angalowe pa foni kwa mphindi 30 cha m'ma 12. Malamulo athu amalola zimenezo bola onse azimvana, enanu mwina salola, ndiye musangotengera. Anavomera. Nkhani ya lendi tinaisunthira ku 12 koloko, bajeti tinaiika koyambirira anthu akadali onse, chifukwa pamakhala wina amene amanyamuka msanga kukatenga ana ku sukulu kapena kupita ku mzikiti poti ndi Lachisanu, ndipo koramu ikhoza kutha msonkhano uli mkati. Loji ndinaiuza Lachiwiri masana kuti tiyi ndi wa anthu 8, mamembala 6 ndi ife awiri.

Zikanakhala kuti pofika Lachiwiri masana otsimikiza akadali 4, ndikanawalangiza a tcheya kuti tisunthe tsikulo pomwepo, ndipo posuntha muonenso ngati malamulo akufuna notisi yatsopano ya masiku onse aja kapena ali ndi njira yachidule. Chomwe sindichitanso ndi chija chomati tiyeni tingokumana anayife, enawo adzasaina pambuyo. Ngati malamulo anu ali ndi njira yoti mamembala avomereze chiganizo polemba popanda kukumana, itsateni m'mene yalembedwera, nthawi zambiri imafuna onse kapena chiwerengero chotchulidwa. Koma kulemba maminitsi ngati kuti panali koramu pomwe panalibe, odita akadzafunsa pepala la osaina kuti analipo, dzina lomwe lili pansi pa maminitsiwo ndi la a tcheya ndi lako mlembi.

Lachisanu lija mmodzi mwa 6 aja anatumiza uthenga 7 koloko m'mawa kuti mwana wadwala usiku ali naye ku chipatala. Tinayamba ndi anthu 5, bajeti inadutsa isanakwane 11. Pa nkhani ya lendi membala wokhudzidwa uja anatuluka kukakhala pa khonde, tinatsala 4, loya analowa pa foni yomwe ndinaiika pakati pa tebulo pafupi ndi mbale ya shuga, tinakwana 5. Mu maminitsi ndinalemba nthawi yomwe wina anatuluka, nthawi yomwe wina analowa pa foni ndi nthawi yomwe anadula. Apoloje ya m'mawa ija ndinailemba pamodzi ndi zinzake ngakhale inabwera tsiku litadutsa, a tcheya anailandira pa msonkhano pomwepo, ndipo loya ndinamuchotsa pa mndandanda wa opepesa n'kumulemba kuti analipo pa mutu nambala 7 wokha.